Komiti Ikakanika Kusankha Wopambana Tenda: Pomwe Chikalata Chimalakwika ndi Kakonzedwe Kake

Vutoli limaonekera mochedwa, mabidi, omwe ndi mapepala a mitengo ndi katundu ochokera kwa opikisana pa tenda, atatsegulidwa kale. Komiti younika yakhala pansi, mafayilo aunjikidwa patebulo, koma tsiku latha anthu asanagwirizane ngakhale pa bidi imodzi. Wina akuti wotsika mtengo apambane, wina akuti katundu wa wotsika mtengoyo ndi wosalimba, wachitatu akufunsa kuti mawu oti "wolimba" alembedwa pati m'chikalata, ndipo akutanthauza chiyani. Lipoti likapita ku IPDC, komiti ya bungwe yovomereza zogula, limabwezedwa. Likadutsa pamenepo, wolephera amadandaula ndipo ntchito imaima.

Kawirikawiri anthu amaloza chala komiti younika, chonsecho cholakwika chinachitika miyezi iwiri kapena itatu m'mbuyo, pamene chikalata cha tenda chinkalembedwa. Malamulo ogulira katundu wa boma ku Malawi, monga la 2003 ndi la 2017 lomwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira zogula za boma la PPDA m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP, amaima pa mfundo imodzi pankhaniyi: mabidi amaunikidwa ndi mfundo zomwe zinalembedwa m'chikalata basi. Chomwe sichinalembedwe, komiti siingachigwiritse ntchito, ngakhale chikhale chanzeru chotani. Ndiye chikalata chikakhala chosokonekera, komiti imatsala ndi njira ziwiri, zonse zoipa: kupeka mfundo zatsopano, komwe ndi kuphwanya lamulo, kapena kupereka kontirakiti kwa wotsika mtengo ikudziwa kuti katundu wake sakhalitsa.

Tiyerekeze sukulu ya boma yogonera komweko kuno ku Mzuzu, yomwe ikufuna matiresi 400 a m'mahositelo teremu ya Seputembala isanayambe. Mitengo yonse yomwe ili m'munsimu ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, koma zolakwika zake ndi zomwe zimabwerezedwa chaka ndi chaka.

Chizindikiro choyamba: mabidi onse akunena kuti akwaniritsa, koma katundu ndi wosiyana

A matironi ndi woyang'anira mahositelo analemba pempho lawo motere: matiresi a munthu mmodzi, a siponji yolimba, apamwamba, okhalitsa. Ofesi yogula zinthu inangokopera mawuwo m'gawo lofotokoza katundu. Mabidi atabwera, wina anapereka matiresi ochindikala masentimita 10, wina 15, wina sanatchule n'komwe, ndipo onse analemba kuti siponji yawo ndi yolimba. Palibe amene ananama, chifukwa chikalata sichinaike muyeso woti munthu anganame nawo.

Mudzazindikira vutoli msanga mukawerenga chikalata chanu ndi pensulo m'manja, n'kudula mzere pansi pa mawu onse otamanda katundu: wabwino, wolimba, wapamwamba, wamakono, wodziwika. Pa liwu lililonse dzifunseni kuti munthu wa m'komiti adzagwiritsa ntchito chida chanji kuti ayankhe inde kapena ayi. Ngati palibe tepi yoyezera, sikelo kapena pepala laumboni lomwe lingayankhe funsolo, liwulo silingaunikidwe, ndipo liyenera kulowedwa m'malo ndi nambala.

Pa matiresi, manambala ofunika si ambiri. Choyamba ndi kukula, ndipo kumeneku musakutenge m'mutu, pitani mukayeze mabedi omwe ali m'hositelo, poti mabedi owotcherera ndi amisiri osiyanasiyana salingana. Tinene kuti mwapeza kuti pakufunika matiresi a masentimita 190 m'litali, 90 m'lifupi ndi 15 kuchindikala. Lembaninso malire a kusiyana komwe mungalole, monga sentimita imodzi kupitirira kapena kuperewera, chifukwa siponji siidulidwa ngati chitsulo. Mukasiya malirewa, matiresi a masentimita 14.5 adzagawanitsa komiti pakati.

Chachiwiri ndi kulemera kwa siponji pa kiyubiki mita iliyonse, komwe kumasonyeza kuchuluka kwa zipangizo zomwe zalowa mu siponjiyo. Siponji yopepuka imaphwa msanga pakati, ndipo pakutha pa materemu ochepa mwana amakhala akugonera mawaya a bedi. Ubwino wa muyeso umenewu ndi woti mungathe kuuyesa muofesi momwemo:

```
1.90 x 0.90 x 0.15 = 0.2565 m³
0.2565 x 24 kg/m³  = 6.16 kg
0.2565 x 16 kg/m³  = 4.10 kg
```

Ndiye mukalemba kuti siponji isatsike pa makilogalamu 24 pa kiyubiki mita, matiresi a kukula kumeneku, mutavula nsalu yokutira, ayenera kulemera pafupifupi makilogalamu 6.2. Akalemera anayi okha, mwadziwa kuti mwapatsidwa siponji ya 16, kaya pa chikuto palembedwa zotani. Onse awiri amaoneka chimodzimodzi ali atsopano m'mapulasitiki, ndipo kudinikiza ndi dzanja sikuthandiza, poti kuuma kwa siponji ndi kulemera kwake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sikelo nayo ili ndi polekezera pake: siponji ingathe kuthiridwa ufa wa miyala popanga kuti ilemere, kulimba kosawonjezeka. Pa katundu wochuluka, funsaninso lipoti la kuyezedwa kwa siponjiyo lochokera ku labu yovomerezeka monga ya MBS, bungwe loona miyezo ya katundu, ndipo mutchule kuti lipotilo lisakhale lakale kuposa miyezi ingati.

Chachitatu ndi chokutira. Mzuzu ndi wa chinyontho, mvula imachedwa kutha ndipo m'Juni ndi Julaye zovala zimachedwa kuuma. Ngati mukufuna chokutira chosalowa madzi, nenani choncho, tchulani mtundu wake, ndi kuti chikhale chosokedwa mbali zonse kapena cha zipi. Dzina la kampani yopanga musalilembe. Pomwe palibe njira ina yofotokozera katundu kupatula kutchula dzina, malamulo amafuna kuti muwonjezere mawu oti "kapena wofanana naye", koma pa matiresi njira ilipo, ndiye dzina silifunika.

Zonsezi ziikidwe m'tebulo la mizati itatu: chomwe chikufunika, chomwe wogulitsa akupereka, ndi umboni wake. Mzati wachiwiri wogulitsa alembemo nambala yeniyeni. Chikalata chinene poyera kuti kungolemba kuti "tikwaniritsa" popanda nambala sikudzalandiridwa, apo ayi mudzalandira tebulo lodzaza mawu amenewo kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Za sampulo

Sampulo imathandiza, koma imabweretsa mikangano ikafunsidwa popanda dongosolo. Chikalata chinene kuti sampulo ifike liti, kawirikawiri pamodzi ndi bidi nthawi yotseka isanakwane, ilembedwe bwanji, ndani adzaiyese, ndipo adzayesa chiyani. Ngati mudzavula chokutira kapena kudula kachidutswa ka siponji, achenjezeni ogulitsa m'chikalata momwemo kuti sampulo siidzabwezedwa yathunthu. Komiti iyese zokhazo zomwe zili m'tebulo lija. Kugonapo n'kunena kuti iyi ikumveka bwino kumsana si kuyesa.

Sampulo ya wopambana isungidwe ndi woyang'anira nyumba yosungira katundu, itasainidwa ndi mbali zonse ziwiri, ndipo kontirakiti inene kuti pa tsiku lolandira katundu mudzatenga matiresi angapo mwachisawawa, tinene 20 pa 400, n'kuwayeza pa tepi ndi sikelo yomweyo. Popanda zimenezi mudzaunika sampulo yabwino n'kulandira lole ya katundu wina.

Chizindikiro chachiwiri: mitengo yosayerekezeka

Apa ndi pomwe mabungwe a ku Mpoto amapwetekera kwambiri, ndipo m'pofunika kuchedwapo. Katundu wambiri wopangidwa m'fakitale amachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kapenanso kunja. Kuchokera ku Lilongwe lole imayenda makilomita pafupifupi 350 pamsewu wa M1, kudutsa m'mapiri ndi nkhungu za ku Chikangawa, ndipo kuchokera ku Blantyre mtundawo ndi wotalikirapo kwambiri. Mtengo wonyamulira si kanthu kakang'ono, makamaka pa katundu ngati matiresi. Matiresi 400 aja amalemera matani awiri ndi theka okha, koma amadya malo opitirira makiyubiki mita 100. Mwini lole salipiritsa kulemera kumeneko, amalipiritsa malo.

Tsono taonani zomwe zimachitika chikalata chikangonena kuti "perekani mtengo wa matiresi 400". Wogulitsa wa ku Blantyre walemba K88,000 pa matiresi amodzi, zonse pamodzi K35,200,000, ndipo m'munsi waika kamzere kakang'ono koti wogula adzatenge yekha ku fakitale. Wamalonda wa mu Mzuzu momwemo walemba K96,000, zonse pamodzi K38,400,000, kufikitsa pasukulu ndi kutsitsa. Pa tsiku lotsegula mabidi, mitengo imawerengedwa mokweza pamaso pa onse, ndipo aliyense amachoka akudziwa kuti wa ku Blantyre ndiye wotsika ndi K3,200,000. Koma sukulu ikafufuza n'kupeza kuti kunyamula katunduyo kudya K3,600,000, ndiye kuti wotsika uja akwana K38,800,000, kuposa mnzake.

Komiti ingafune kungowonjezera K3,600,000 ija pa bidi ya wa ku Blantyre. Koma nambalayo yachokera kuti? Ikanachokera kwa mwini lole wina ikanakhala yosiyana, ndipo wopambana akanasintha. Chikalata sichinanene kuti mudzawonjezera mtengo wonyamulira, kapena mmene mudzauwerengere, ndiye wogulitsayo akadandaula ali ndi poimira. Kumukana nakonso n'kovuta, poti palibe pomwe munalemba kuti katundu afike pasukulu.

Mankhwala ake ndi chiganizo chimodzi cholembedwa malo atatu mofanana: m'gawo la malangizo apadera a tendayo, m'tebulo la mitengo, ndi m'mfundo zapadera za kontirakiti. Chinene kuti mtengo ukhale wa katundu atafika ndi kutsitsidwa m'nyumba yosungira katundu ya sukulu ku Mzuzu, kuphatikizapo kunyamula, inshuwalansi ndi aganyu otsitsa, ndipo bidi yopereka mtengo wa malo ena idzakanidwa. Pa katundu wochokera kunja, tchulani ndondomeko ya malonda yomwe mukufuna, monga DDP, yomwe wogulitsa amafikitsa katundu atalipira yekha zonyamulira ndi misonkho ya pachipata, pamodzi ndi dzina la malo ofikira. Kulemba DDP Malawi kokha sikukwanira, poti Songwe ndi Malawi, Mwanza ndi Malawinso.

Misonkho nayo imasokoneza mofananamo. Wina amaphatikiza VAT m'mtengo wa chinthu chimodzi, wina amaiika pansi payokha, wina sanalembetse n'komwe za VAT. Tebulo la mitengo likhale ndi mzere wa mtengo wopanda msonkho, mzere wa VAT, mzere wa ndalama ya PPDA pomwe ikufunika, ndi mzere wa zonse pamodzi, ndipo gawo la mfundo zounikira linene mzere womwe udzagwiritsidwe ntchito poyerekeza. Musalole wogulitsa kubwera ndi tebulo lakelake.

Palinso zolakwika za masamu. Wogulitsa wachitatu walemba K91,500 pa matiresi amodzi, koma pa zonse pamodzi walemba K36,000,000, pamene 400 kuchulukitsa ndi K91,500 ndi K36,600,000. Zikalata zokhazikika za PPDA zili kale ndi lamulo lake: mtengo wa chinthu chimodzi ndiwo umagwira ndipo chiwerengero chonse chimakonzedwa, kupatula ngati zikuonekeratu kuti kadontho ka desimo kanaikidwa polakwika. Ndipo manambala akasemphana ndi mawu, mawu ndiwo amagwira. Wogulitsa amalemberedwa kalata kuti avomereze kukonzako, akakana bidi yake imagwa. Vuto limadza pamene wolemba chikalata wafupikitsa gawo la malangizo kwa opikisana n'kuchotsa ndime imeneyi. Gawo limenelo silikhudzidwa. Zosintha zonse zimalowa m'gawo la malangizo apadera lomwe limalitsatira.

Chinthu chomaliza pa mitengo ndi nthawi. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zipangizo zopangira siponji zimagulidwa kunja. Mukapempha kuti bidi ikhale yamoyo masiku 120 pa mtengo wosasintha, wogulitsa wochenjera amakweza mtengo kudziteteza, wina amaika kamzere koti mtengo wake ugwira masiku 14 okha. Nenani masiku enieni, musawatalikitse kuposa momwe kuunika kwanu kumafunira, nenani ngati mtengo ndi wosasintha, ndipo nenani kuti bidi ya masiku ochepera pamenepo idzakanidwa.

Chizindikiro chachitatu: aliyense akufuna kuti wofulumira apambane, koma chikalata chili chete

Mawu oti "katundu afike msanga" kapena "nthawi yobweretsera idzaganiziridwa" sathandiza kanthu. Idzaganiziridwa bwanji? Pali njira ziwiri zovomerezeka, sankhani imodzi. Yosavuta ndi kuika malire: katundu afike pasanathe masabata 6 kontirakiti itasainidwa, wopitirira pamenepo wagwa, ndipo wofulumira kuposa pamenepo sapatsidwa mwayi wina uliwonse. Pa katundu wambiri njira imeneyi ndi yokwanira.

Yachiwiri ndi kusandutsa nthawi kukhala ndalama. Chikalata chinganene kuti katundu afike pakati pa masabata 4 ndi 8, wopitirira 8 wagwa, ndipo pa sabata iliyonse yopitirira yachinayi, theka la peresenti lidzawonjezedwa pa mtengo wa bidi pofuna kuyerekeza kokha. Tiyerekeze kuti tenda ija yabwerezedwa ndi chikalata chokonzedwa. Wa ku Blantyre wapereka K94,000 kufikitsa pasukulu, zonse K37,600,000, m'masabata 8. Wa ku Mzuzu wapereka K95,500, zonse K38,200,000, m'masabata 4.

```
37,600,000 x 0.005 x 4 = 752,000
37,600,000 + 752,000   = 38,352,000
```

Poyerekeza, wa ku Blantyre ali pa K38,352,000 ndipo wa ku Mzuzu ali pa K38,200,000 pomwe analemba. Wa ku Mzuzu wapambana, ndipo kontirakiti yake ndi ya K38,200,000. Ndalama yowonjezera ija siilipiridwa kwa aliyense, ndi ya papepala lounikira basi. Uku ndiye kusiyana kwa bidi yotsika mtengo pa tsiku lotsegula ndi bidi yotsika mtengo itaunikidwa, yomwe lamulo limafuna.

Koma onani kuti sukulu yalipira K600,000 yoposa pofuna kulandira katundu mwezi umodzi msanga. Ngati ana akutsegulira sukulu mkati mwa mwezi umenewo ndipo alibe pogona, ndalamayo yagwira ntchito. Ngati matiresiwo akangounjikidwa m'nyumba yosungira mpaka Januwale, ndalama ya boma yangotayika. Musaike ndime imeneyi chifukwa choti munaiona m'chikalata china. Peresenti yake ichokere pa zomwe kuchedwa kungakudyereni zenizeni, ndipo chifukwacho chilembedwe m'fayilo. Kumbukiraninso kuika chindapusa cha kuchedwa m'kontirakiti, apo ayi aliyense adzalemba masabata 4 kuti apambane, n'kudzabweretsa pa 10.

Pa chifukwa chomwechi, pewani kupereka malikisi pogula katundu wamba, monga 40 pa ubwino wa katundu, 20 pa mbiri ya kampani, 40 pa mtengo. Njira ya malikisi ndi ya ntchito za akatswiri opereka upangiri, komwe nzeru za munthu sizingayezedwe pa sikelo. Pa matiresi, madesiki kapena nyemba, imatsegula khomo loti wina apereke 35 wina 22 pa katundu yemweyo, aliyense wopanda chifukwa cholembeka. Katundu wakwaniritsa muyeso kapena sanakwaniritse, ndipo pakati pa okwaniritsa, mtengo wounikidwa ndiwo umalamula.

Chizindikiro chachinayi: mabidi ambiri agwa pa mapepala, kapena palibe wagwa

Gawo loyamba la kuunika ndi kuona mapepala: fomu ya bidi yosainidwa, chikole cha bidi kapena kalata yolonjeza yolowa m'malo mwake, satifiketi yolembetsera bizinesi, kulembetsa ku PPDA, ndi satifiketi ya MRA yosonyeza kuti misonkho ili m'malo. Cholakwika chofala ndi kundandalika mapepala khumi ndi awiri osanena kuti ndi ati omwe akasowa bidi imagwa nthawi yomweyo, ndi ati omwe komiti ingafunse kuti abweretsedwe. Zotsatira zake komiti ina imagwetsa mabidi asanu ndi awiri pa asanu ndi atatu n'kutsala ndi wodula, ina imakhululukira onse, ndipo zonse ziwiri zimabweretsa madandaulo.

Gawani mapepalawo pawiri m'chikalata. Fomu yosasainidwa, chikole chosowa kapena chopereweza, masiku a bidi ochepera, tebulo la mitengo losadzazidwa: izi zimakhudza mtima wa bidi, sizikonzedwa mabidi atatsegulidwa. Pepala lomwe limangotsimikizira chinthu chomwe chinalipo kale, monga kope la satifiketi yolembetsera kampani, chikalata chingalole kuti lifunsidwe mwa kalata, pa masiku owerengeka, kwa onse mofanana. Kufunsa koteroko sikusintha mtengo kapena katundu woperekedwa. Pa satifiketi iliyonse yomwe imatha ntchito, tchulani tsiku lomwe iyenera kukhala yamoyo, ndipo losavuta ndi tsiku lotseka tenda. Satifiketi ya msonkho ingathe kutha pakati pa tsiku lotseka ndi tsiku lounika, ndipo mkangano wake umatha ndi chiganizo chimodzicho.

Kenako pali kuyenera kwa wogulitsa mwini wake. Mawu oti "akhale wodziwa ntchito" kapena "anagwirapo ntchito zofanana" ali ndi matenda omwe aja a "wolimba". Zofanana ndi chiyani? Amene anaperekapo mabulangete akuwerengedwa? Nanga amene anapereka simenti ya ndalama zambiri? Lembani motere: makontirakiti osachepera awiri m'zaka zitatu zapitazi, iliyonse yosachepera K15,000,000, a matiresi kapena zofunda, ndipo umboni wake ndi kope la kontirakiti kapena LPO, kalata yoitanitsira katundu, pamodzi ndi pepala losonyeza kuti katundu analandiridwa. LPO yokha imangosonyeza kuti anaitanitsidwa katundu, osati kuti anabweretsa.

Muyeso umenewu ulingane ndi kukula kwa tenda. Kufuna kuti kampani ikhale yopanga malonda a K500,000,000 pachaka pa tenda ya K38,000,000 ndi kutsekera kunja amalonda a ku Luwinga, Katoto ndi Chibavi popanda chifukwa, ndipo opikisana akachepa mtengo umakwera. Boma linatulutsa lamulo mu 2020 lopereka mwayi kwa mabizinesi ang'ono ndi apakati pa zogula za boma. Ngati tenda yanu ikugwa m'gulu limenelo, kapena ili ndi mwayi uliwonse wapadera, zilembedwe m'chikalata ndi pepala lotsimikizira lomwe likufunika. Komiti siingakondere wa kwathu pa tsiku lounika chifukwa choti ndi wa kwathu. Kuyenera kumeneku nakonso ndi inde kapena ayi. Wa makontirakiti khumi saposa wa awiri ngati muyeso unali awiri. Ndipo ngati mukukuona kumapeto, mumayamba ndi wotsika mtengo ataunikidwa, akalephera mumapita kwa wotsatira.

Mukaphatikiza katundu wosiyana, monga matiresi ndi mabulangete, agaweni m'maloti, ndipo nenani kuti loti iliyonse idzaunikidwa ndi kuperekedwa payokha, ndi kuti wopikisana ayenera kupereka mtengo wa katundu yense wa mu lotiyo.

Chikalata chikadzitsutsa chokha

Zikalata zambiri sizilembedwa kuyambira pachiyambi, zimakopedwa ku tenda ya chaka chatha. N'chifukwa chake mumapeza chilengezo cha m'nyuzipepala chikunena kuti masiku a bidi ndi 90, mkati mwa chikalata muli 120. Ndandanda ya katundu ikunena masabata 6, kontirakiti ikunena masiku 30. Kapena m'tenda ya matiresi muli ndime yofuna kalata ya wopanga makompyuta. Musanatumize chikalata ku IPDC, tengani pepala limodzi mulembepo manambala asanu ndi limodzi: kuchuluka kwa katundu, tsiku ndi ola lotseka, masiku a bidi, chikole, nthawi yobweretsera ndi malo ofikira. Fufuzani lililonse m'magawo onse. Onaninso kuti mukugwiritsa ntchito chikalata chokhazikika chatsopano ndi malire a ndalama omwe PPDA yalengeza posachedwa, poti zimasinthidwa.

Kuyesa kwina kumatenga masana amodzi. Lembani mabidi atatu ongopeka, imodzi yabwino, imodzi yotsika mtengo koma ya siponji yopepuka, imodzi ya m'malire monga ya masentimita 14 ndi satifiketi yotha mawa lake la tsiku lotseka. Apatseni anthu atatu omwe sanalembe nawo chikalata, aliyense aunike payekha. Akatuluka ndi wopambana mmodzi, chikalata chakonzeka. Akasiyana, pomwe asiyanirapo ndiye ndime yofunika kulembedwanso. Pepala lomwe komiti idzagwiritse ntchito pounika likonzedwenso nthawi yomweyi, mzere uliwonse ukuloza ndime yake m'chikalata.

Mukazindikira cholakwika tenda itatuluka kale

Ngati nthawi yotseka isanakwane, njira ilipo. Lembani kalata yosintha chikalata, yomwe ambiri amaitcha adendamu, ivomerezedwe monga chinavomerezedwera chikalata, ndipo itumizidwe kwa onse omwe anatenga chikalatacho, n'chifukwa chake kaundula wa otenga chikalata ayenera kukhala ndi manambala a foni ndi maimelo olondola. Ngati kusinthako n'kwakukulu, monga kuwonjezera muyeso wa siponji kapena sampulo, sunthani tsiku lotseka, pokumbukira kuti wa ku Blantyre ayenera kupeza sampulo yatsopano n'kuitumiza ku Mzuzu. Funso la wogulitsa mmodzi liyankhidwe mwa kalata kwa onse, osatchula wofunsayo. Kuyankha pafoni kwa mmodzi ndi kumupatsa chomwe anzake alibe.

Mabidi akatsegulidwa, khomo limenelo latsekeka. Mitengo yadziwika, ndiye mfundo iliyonse yatsopano imaoneka kuti yasokedwera munthu, ngakhale mtima wa komiti uli woyera. Unikani ndi zomwe zinalembedwa, mulembe m'lipoti ndime yeniyeni yomwe bidi iliyonse yagwera. Ngati zolembedwazo zikutsogolera ku katundu yemwe sangagwire ntchito, monga matiresi a masentimita 10 a siponji ya 16, komiti ilembere IPDC kupempha kuti tenda ithetsedwe, zifukwa zake zilembedwe, opikisana onse adziwitsidwe mwa kalata ndi kubwezeredwa zikole zawo, ndipo ilengezedwenso ndi chikalata chokonzedwa. Zikatero teremu ya Seputembala idzayamba katundu asanafike, choncho a mahositelo auzidwe tsiku lomwelo kuti asankhe matiresi akale omwe angapirire teremu ina imodzi.